Keyala ya Pakalata: Mafunso Atatu Musanatumize Ndalama

Nkhani yathu madzulo ano ndi ya keyala, mizere itatu kapena inayi ija imene imalembedwa pamwamba pa kalata posonyeza kumene mwini kalatayo amapezeka. Kale munthu ankati akaona keyala yodindidwa bwino, yokhala ndi chizindikiro cha kampani pambali pake, mtima unkakhala m'malo, pakuti kudinda mapepala otere kunkalira ndalama ndi makina akuluakulu. Lero zinthu zinasintha. Aliyense amene ali ndi foni yam'manja angathe kukopera keyala ya kampani iliyonse ya padziko lapansi, n'kuiika pa kalata yakeyake mphika wa nsima usanawire. Tsono munthu amene akukuuzani kuti mutumize ndalama, kaya akukugulitsani katundu pa intaneti kaya akukulonjezani ntchito, mungadziwe bwanji kuti akukhaladi pamene akunenapo?

Kuti tisamangoyendayenda, titenge chitsanzo chimodzi chimene chavutitsa mabanja ambiri m'Malawi, m'Zambia ndi m'Zimbabwe muno, ndicho kalata yolonjeza ntchito ya zaumoyo ku Mangalande. Mu Febuluwale 2022 boma la Britain linatsegula khomo kuti anthu ochokera kunja azipita kukagwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala. Anthu ambiri anapitadi mwachilungamo, koma akathyali nawo anapezerapo mpata, ndipo ena mwa abale athu anagulitsa ng'ombe, mapoloti ndi magalimoto polipira ntchito zimene kunalibe. Pa 22 Julayi 2025 boma lomwelo linatseka khomo limeneli kwa ofunsira atsopano ochokera kunja. Choncho kalata imene ikukuitanani kuchokera kuno kwathu kukakhala wosamalira okalamba wamba njokayikitsa kuyambira pa chiyambi pomwe. Koma anamwino amene anamaliza maphunziro awo ali ndi njira yawo ina, ndipo makalata achinyengo sanaleke kuwafika.

Tiyerekeze tsono kuti namwino wina wa pachipatala cha boma walandira uthenga pa WhatsApp, kenaka kalata pa imelo. Kalatayo ikuti nyumba ina yosungirako okalamba mumzinda wa Leeds yamusankha kuti akagwire ntchito. Pamwamba pali dzina la kampani, dzina la msewu, nambala ya nyumba ndi nambala ya positi yoyamba ndi zilembo LS. Pansi pali mawu akuti atumize mapaundi 1,500 pasanathe masiku asanu kuti malo ake asungidwe ndi kuti mapepala ake ayambe kuyenda. Mayi ameneyu achite chiyani? Ayenera kufunsa mafunso atatu, limodzi pambuyo pa linzake. Loyamba: kodi malo amenewa alipodi? Lachiwiri: kodi kampani imeneyi ili pamalo amenewa? Lachitatu: kodi munthu amene akundilemberayu ndi wa kampani imeneyi? Anthu ambiri amafunsa funso loyamba lokha, n'kukhutira, ndipo apa ndi pamene amagwera m'mbuna.

Kodi malowo alipodi?

Dziko la Britain lili ndi mwayi umene umatithandiza kwambiri pofufuza, pakuti nyumba iliyonse ili ndi nambala ya positi, ndipo nambala imodzi imakhala ya nyumba zochepa chabe, kawirikawiri pafupifupi khumi ndi zisanu za mumsewu umodzi. Nambalayi ili ndi magawo awiri. Gawo loyamba limayamba ndi chilembo chimodzi kapena ziwiri zosonyeza dera: LS ndi Leeds, LE ndi Leicester, M ndi Manchester, B ndi Birmingham. Gawo lachiwiri limakhala ndi nambala imodzi yotsatidwa ndi zilembo ziwiri. Kalata ikanena kuti nyumbayo ili ku Leeds koma nambala ya positi n'kuyamba ndi LE, mwapeza kale chokayikitsa musanatsegule n'komwe intaneti, pakuti mlembi wa kampani salakwitsa mzinda umene amagwiramo ntchito tsiku ndi tsiku.

Namwino wathu uja atsegule tsamba la positi ofesi ya dzikolo, royalmail.com, n'kupita pamene amafufuzira manambala a positi. Akalemba nambala ya pakalata ija, tsambalo limutulutsira mndandanda wa nyumba zonse zimene zili pa nambalayo, ndipo salipira kanthu. Ayang'ane ngati dzina la msewu ndi nambala ya nyumba zikufanana ndi za pakalata. Akatero alembe keyala yomweyo pa Google Maps n'kusankha Street View, kumene munthu amaona zithunzi za msewu ngati kuti waima pomwepo. Nyumba yosungirako okalamba makumi anayi imaoneka ndi maso: imakhala yaikulu, ili ndi chikwangwani, ili ndi poimika magalimoto. Akapeza kanyumba kogonamo banja limodzi, kapena sitolo yogulitsa nkhuku yokazinga, kapena bwalo lopanda nyumba, adziwe kuti pali zina.

Komatu zithunzi zimenezi zili ndi malire ake. Pakona pa chithunzi pamalembedwa mwezi ndi chaka chimene chinajambulidwa, ndipo nthawi zina chimakhala cha zaka zingapo zapitazo, kotero kuti nyumba yatsopano singaoneke, pomwe kampani imene inatsekedwa kale ingaonekebe ndi chikwangwani chake. Chinanso, dzina la bizinesi limene limaoneka pa mapu ndi kadontho kofiira silitsimikiza kanthu palokha, chifukwa anthu wamba amatha kuwonjezera maina pa mapuwo, ndipo ndemanga zoyamikira zingathe kulembedwa ndi mwini chinyengo pamodzi ndi anzake. Khulupirirani njerwa ndi chikwangwani chimene chili pachithunzi koposa dzina limene layandama pamwamba pa mapu.

Tinene kuti namwino wathu wapeza zonse zili bwino. Msewu ulipo, nambala ya positi ikugwirizana, ndipo pachithunzi pali chinyumba chachikulu chokhala ndi chikwangwani cha dzina lomwe lili pakalata. Kodi atumize ndalama? Ayi, asanatero. Zimene wapezazi zikungosonyeza kuti ku Leeds kuli nyumba yotere. Wakuba wochenjera sapeka keyala, chifukwa yopeka imagwidwa msanga. Iye amabwereka keyala yeniyeni ya anthu osalakwa.

Kodi kampaniyo ili pamalopo?

Funso lachiwiri limayankhidwa ndi akaundula atatu a boma, ndipo onse amaonedwa kwaulere. Woyamba ndi wa Companies House, ofesi imene imalembetsa makampani onse a ku Britain. Tsamba lake limapezeka kudzera pa gov.uk, ndipo ndi bwino kulemba nokha mawu amenewa m'malo motsata ulalo umene wakutumizirani mwini kalata. Kampani iliyonse ili ndi nambala ya zilembo zisanu ndi zitatu, ndipo lamulo limafuna kuti nambalayi, pamodzi ndi keyala yolembetsedwa, izioneka pa makalata a kampaniyo. Fufuzani ndi nambala, osati ndi dzina lokha, pakuti maina ofanana ngochuluka, ndipo wachinyengo angathe kulembetsa kampani yake ndi dzina losiyana ndi la kampani yodziwika pa liwu limodzi lokha.

Tsamba la kampaniyo likatseguka, mizere inayi ndiyo ya phindu. Pamene palembedwa Registered office address pali keyala imene boma limatumizirako makalata. Pamene palembedwa Company status payenera kukhala liwu lakuti Active. Mukaona Dissolved, kampaniyo inafa kale ndipo singalembe munthu ntchito. Pamene palembedwa Incorporated on pali tsiku limene kampaniyo inabadwa. Pamene palembedwa Nature of business pali mtundu wa ntchito imene eni ake ananena kuti amachita. Kalata ikamanena kuti kampani yakhala ikusamalira okalamba kwa zaka makumi awiri, koma kaundula n'kusonyeza kuti inalembetsedwa miyezi inayi yapitayo ngati yogulitsa zovala, nkhani yathera pomwepo.

Pano ndifuna ndichenjeze mbali zonse ziwiri. Mbali yoyamba njakuti kupezeka m'kaundula ameneyu si umboni wa chilungamo. Kufikira mu Epulo 2024 munthu ankalembetsa kampani pa intaneti ndi mapaundi 12 okha, ndipo mu Meyi chaka chomwecho mtengo unakwera kufika pa mapaundi 50, ndalama imene wakuba woyembekezera mapaundi 1,500 kwa munthu aliyense sangaione kukula. Kwa zaka zambiri ofesiyi inkangolandira zimene anthu alemba popanda kuzifufuza. Lamulo la mu 2023 ndilo linaipatsa mphamvu zofunsa ndi kukana. Kuyambira mu Malichi 2024 bokosi la ku positi ofesi silivomerezedwanso kukhala keyala yolembetsedwa ya kampani, ndipo kuyambira mu Novembala 2025 akuluakulu a makampani anayamba kulamulidwa kutsimikiza kuti iwo ndi ndani. Zonsezi zinachepetsa mpata, koma sizinautseke.

Mbali yachiwiri njakuti keyala ya m'kaundula ikasiyana ndi ya pakalata, musafulumire kunena kuti mwagwira mbala. Makampani ambiri oona amalembetsa keyala ya ofesi ya owawerengera ndalama kapena ya likulu lawo, pomwe ntchito yeniyeni ikuchitikira kwina. Palinso makampani amene ntchito yawo ndi kubwereketsa keyala: munthu amalipira kandalama pachaka kuti makalata ake azifikira pa ofesi ina ya pakati pa London, ngakhale iye sanapondepo phazi pamenepo. Izi n'zololedwa ndi lamulo. Mungathe kuzizindikira polemba keyalayo pa malo ofufuzira mwatsatanetsatane a tsamba lomwelo. Mukaona makampani mazanamazana pa khomo limodzi, dziwani kuti pamenepo ndi pofikira makalata chabe. Keyala yotere siikuuzani kuti munthuyo ndi wakuba, komanso siikuuzani kumene mungakamupeze zinthu zikavuta.

Chifukwa chake tifunika kaundula wachiwiri, wa bungwe la Care Quality Commission, limene limayendera zipatala ndi nyumba zosungirako okalamba ku Mangalande. Tsamba lake ndi cqc.org.uk. Kaundula ameneyu ndi wamphamvu koposa woyamba uja pa nkhani yathu ino, pakuti amasonyeza keyala ya nyumba yeniyeniyo imene muli odwala, dzina la kampani imene ikuyendetsa nyumbayo, nambala ya foni, ndi malipoti a oyendera amene anafika pamalopo. Namwino wathu alembe dzina la nyumbayo kapena nambala ya positi ija, aone ngati keyala ikugwirizana ndi ya pakalata, ndiponso ngati kampani yoyendetsa nyumbayo ndi yomweyo imene anaipeza ku Companies House. Dziwani kuti bungweli limayang'anira Mangalande yekha. Scotland, Wales ndi Northern Ireland ali ndi mabungwe awoawo.

Kaundula wachitatu ndi wa olemba ntchito amene boma linawaloleza kuitana antchito ochokera kunja. Ali pa gov.uk pansi pa dzina lakuti Register of licensed sponsors: workers, ndipo amakonzedwanso pafupipafupi. Kampani imene mulibe m'menemu singathe kuitana munthu kuchokera ku Malawi, ngakhale itakhala yachilungamo chotani. Koma onani malire ake: kaundulayu amasonyeza dzina la kampani ndi mzinda wake, osati msewu kapena nambala ya nyumba. Ndiponso popeza aliyense angathe kumuwerenga, akathyali nawonso amamuwerenga, ndipo ndi m'menemo mmene amatolamo maina oti abwereke.

Tinenenso kuti namwino wathu wapeza zonse zikugwirizana. Kampani ili moyo, inabadwa zaka zambiri zapitazo, ili m'kaundula wa oyendera zipatala pa keyala yomweyo, ilinso m'kaundula wa oitana antchito. Mtima wake wadzala ndi chimwemwe, ndipo achibale ayamba kale kusonkha ndalama. Apa ndi pamene kudekha kukufunika koposa, pakuti kufikira tsopano wafufuza nyumba ndi kampani, koma sanafufuze munthu. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Kodi wolembayo ndi wa kampaniyo?

Funso lachitatu limayankhidwa ndi lamulo limodzi losavuta kulikumbukira: lankhulani ndi eni keyala kudzera pa khomo limene mwalipeza nokha, osati limene wakulozerani mwini kalata. Mukaimba nambala ya pakalata, adzayankha ndi yemwe analemba kalatayo, ndipo adzakuuzani mwaulemu kuti zonse zili bwino. Namwino wathu atenge nambala ya foni imene ili pa tsamba la Care Quality Commission, n'kuiyerekeza ndi ya pakalata. Mafoni a m'nyumba ndi m'maofesi a ku Leeds amayamba ndi 0113, a ku Manchester ndi 0161, a ku Birmingham ndi 0121, a ku London ndi 020. Nambala yoyamba ndi 07, kapena +44 7, kawirikawiri imakhala ya foni yam'manja, ndipo siimangirira munthu ku nyumba iliyonse. Munthu angathe kukhala ndi WhatsApp ya nambala yotere ali ku dziko lina lakutali.

Poimba kuchokera kuno, yambani ndi +44 ndipo musiye ziro woyamba uja, kotero kuti nambala ya ku Leeds iyambe ndi +44 113. Imbani pa nthawi ya ntchito ya kumeneko, pokumbukira kuti nthawi yawo ili m'mbuyo mwa yathu ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Malichi kufikira kumapeto kwa Okutobala, ndi maola awiri m'miyezi inayo. Pemphani kulankhula ndi woyang'anira nyumbayo, ndipo mufunse zinthu zitatu momveka: ngati pali wantchito wa dzina limene lasainidwa pakalata, ngati iwo anakulemberani kalata pa tsiku lakutilakuti, ndiponso ngati amalandira ndalama kwa ofuna ntchito. Mphindi zisanu za foni yotere zimadya mayunitsi ndithu, koma n'zochepa poyerekeza ndi mapaundi 1,500. Ngati muli ndi mbale wodalirika ku Britain, mupempheni aimbe iyeyo, kapena apite ndithu pakhomopo akafunse.

M'chitsanzo chathu, apa ndi pamene chinyengo chikuonekera. Woyang'anira nyumba ija akuyankha kuti dzina limenelo salidziwa, ndipo sanalembere munthu aliyense wa ku Malawi. Namwino wathu akabwerera ku kalata ija ndi maso atsopano, apeza zizindikiro zimene zinalipo kuyambira pachiyambi. Nambala ya pakalata njoyamba ndi +44 7, pomwe ya m'kaundula njoyamba ndi 0113. Imelo imene inabweretsa kalata ikuthera ndi gmail.com, kapena ikufanana ndi ya kampani yeniyeni koma yawonjezedwa chilembo chimodzi kapena kamzere pakati. Mbali ya imelo yofunika kuiwerenga chilembo ndi chilembo ndi imene imatsatira chizindikiro cha @, pakuti dzina limene limaoneka pamwamba pa uthenga munthu amadzilembera yekha monga afunira.

Chizindikiro chachikulu koposa zonse ndi kumene ndalama zikupita. Keyala ili ku Leeds, koma akaunti imene apereka ili m'dzina la munthu wamba, mwinanso m'dziko lina. Kapena akuti popeza kutumiza ndalama zakunja n'kovuta, mungopereka makwacha kwa wowaimirira wawo wa ku Lilongwe kudzera pa foni. Kumbukirani kuti ndalama sizipita ku keyala ya pakalata, zimapita ku akaunti. Dzina la pa akaunti likasiyana ndi dzina la kampani imene mwaifufuza, ndiye kuti kufufuza kwanu konse kuja kunali kwa munthu wina, osati amene alandire ndalama zanu.

Ndiponso pa nkhani ya ntchito ku Britain, kupempha ndalama kumene n'kokwanira kukuimitsani. Lamulo la dzikolo la mu 1973 limaletsa mabungwe opezera anthu ntchito kulipiritsa wofuna ntchito chifukwa chomupezera malo, kupatula ntchito zochepa monga za zisudzo ndi zoimbaimba. Chilolezo chimene wolemba ntchito amapereka kwa wantchito wochokera kunja, chotchedwa Certificate of Sponsorship, si pepala logulitsidwa. Ndi nambala ya m'makina a boma, ndipo kuyambira pa 31 Disembala 2024 olemba ntchito analetsedwa kusenzetsa wantchito mtengo wake. Zoona, namwino wopita kumeneko amawononga ndalama: pali mayeso a Chingerezi, pali kulembetsa ku bungwe la anamwino la Nursing and Midwifery Council, pali kuyezetsa chifuwa chachikulu, palinso malipiro a chitupa cholowera m'dzikolo. Koma ndalama iliyonse mwa zimenezi imaperekedwa kwa eni ake mwachindunji, osati m'thumba la mkhalapakati. Onjezani apa kuti Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique ali pa mndandanda wa mu 2023 wa bungwe loona za umoyo padziko lonse wa maiko amene ali ndi antchito a zaumoyo ochepa, ndipo malamulo a Britain salola olemba ntchito kubwera kudzakopa anamwino m'maiko otere. Namwino angathe kufunsira yekha ntchito imene yalengezedwa, koma kalata yobwera yokha, iye asanafunsire, iyenera kumudabwitsa.

Wogulitsa katundu wa kuno kwathu

Mafunso atatu omwewa amagwiranso ntchito pa wogulitsa wa pa Facebook amene akuti ali ndi sitolo ku Limbe ndipo akutumizirani firiji pa basi mukalipira theka. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno kwathu anthu ambiri timalozerana malo ndi zizindikiro, monga kuseri kwa msika kapena moyang'anana ndi malo omwetsera mafuta, ndipo zithunzi za pa intaneti sizingatithandize monga zimathandizira ku Leeds. Keyala ya bokosi la ku positi ofesi imangosonyeza kumene munthu amatengera makalata, osati kumene kuli katundu. Motero funso loyamba ndi lachiwiri timayankha ndi miyendo. Funsani wogulitsayo dzina la msewu, dzina la nyumba ndi sitolo zimene wayandikana nazo, kenaka tumani mbale kapena mnzanu wa ku Blantyre apite pamalopo osanena tsiku, akaone katunduyo ndi maso ake.

Wotumidwayo asaiwale funso lachitatu. Akapeza sitolo ilipodi, asangobwerako n'kunena kuti waiona. Alowe, asonyeze eni sitolo nambala ya foni imene mwakhala mukulankhula nayo, afunse ngati njawo. Akathyali amajambula sitolo za anthu ena n'kuika zithunzizo pa masamba awo. Ngati mulibe womutuma, pemphani wogulitsayo akuimbireni foni ya kanema nthawi yomweyo, atuluke panja akusonyezeni msewu ndi chikwangwani, n'kulowanso kukagwira katundu amene mukufunayo. Wachilungamo sakana zimenezi. Wachinyengo amapeza chifukwa tsiku lililonse, lero netiweki, mawa maliro. Potumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, werengani dzina la wolandira, ndipo likakhala lachilendo funsani chifukwa chake. Kuyambira mu 2018 manambala a foni m'Malawi muno amalembetsedwa ndi chiphaso, komabe mbala zimagwiritsa ntchito manambala olembetsedwa m'maina a anthu ena, kotero dzina lokha silikwanira. Njira yotetezeka koposa ndi kulipira katundu ali m'manja mwanu kapena m'manja mwa amene mwamutuma.

Mwina wina mwa inu akumvera nkhani ino atatumiza kale ndalama. Musachite manyazi ndipo musachedwe. Dziwitsani banki yanu kapena kampani ya foni tsiku lomwelo, pakuti ndalama zikatapidwa kumbali inayo zimavuta kubweza. Sungani mauthenga onse, nambala za foni, kalata ija ndi umboni wa kutumiza ndalama, ndipo mupite nazo ku polisi. Dziko lino lili ndi lamulo la mu 2016 lokhudza milandu ya pa makina a intaneti. Dziwitsaninso eni keyala enieni aja kuti dzina lawo likugwiritsidwa ntchito pobera anthu. Ndipo chenjerani ndi munthu wina amene angatulukire pambuyo pake n'kunena kuti akuthandizani kubweza ndalamazo mukamupatsa kangachepe, pakuti kawirikawiri amakhala wa gulu lomwelo.

Pomaliza, abale ndi alongo, ndibwereze zimene takambirana kuti amene ali ndi cholembera alembe. Choyamba, onani ngati malowo alipo, poyerekeza nambala ya positi, msewu ndi zithunzi, kapena potuma munthu. Chachiwiri, onani m'kaundula wa boma ngati kampaniyo ili moyo ndiponso ngati ikugwiradi ntchito pamalopo. Chachitatu, lankhulani ndi eni malowo pa nambala imene mwaipeza nokha, ndipo muonetsetse kuti dzina la wolandira ndalama ndi lomwelo limene mwalifufuza. Ntchito yonseyi singapitirire tsiku limodzi kapena awiri. Amene akukuuzani kuti masiku awiri ngochuluka, kuti malo atha mawa m'mawa, akuopa kuti mufika pa funso lachitatu. Safunsa anadya phula.